Momwe mungadziwire kuti malonda atheka: ofa, kuvomera ndi kalata ya papositi

Tiyerekeze kuti msodzi wina wa ku Monkey Bay akugulitsa bwato lake la matabwa pamodzi ndi injini. Pa 3 Malichi akulembera kalata mnzake wa ku Makanjira kuti: "Achimwene, bwato lija ndikugulitsani pa K4,000,000. Mundiyankhe pasanafike pa 20 Malichi." Kalata ikufika pa 7. Wa ku Makanjira akusonkhanitsa ndalama, ndipo pa 10 akuponya kalata yovomera ku positi ofesi. Koma pa 9 mwini bwato anali atapeza munthu wina wolonjeza K4,600,000, ndiye tsiku lomwelo anaponya kalata yoti wasintha maganizo. Pa 11 anagulitsa bwato kwa munthu watsopanoyo. Kalata yosintha maganizo inafika ku Makanjira pa 13, ndipo yovomera ija inafika ku Monkey Bay pa 14.

Ambiri anganene kuti mwini bwato sanalakwe, poti anabweza mawu ake mnzake asanayankhe n'komwe. Khoti linganene zosiyana. Kuti muone chifukwa chake, tsatirani nkhaniyi momwe loya angaitsatirire, funso limodzi pambuyo pa linzake. Malamulo athu a mgwirizano anachokera ku malamulo a ku England amene anayamba kugwira ntchito kuno mu 1902, n'chifukwa chake milandu imene nditchule ndi ya kumeneko. Imene inagamulidwa chaka chimenecho chitadutsa simanga makhoti athu, koma oweruza amaiganizira kwambiri.

Choyamba, onani ngati panalidi ofa

Ofa ndi mawu osonyeza kuti munthu ndi wokonzeka kumangidwa ndi lonjezo lake mnzake akangoti "inde", popanda kukambirananso. Iyenera kunena chinthu chimene chikugulitsidwa ndi mtengo wake momveka. Kalata ya msodzi uja ndi ofa. Koma akanalemba kuti "ndikuganiza zogulitsa bwato, mwina cha m'ma 4 miliyoni", kumeneko n'kuyamba chabe kukambirana. Chimodzimodzi katundu woyalidwa pabenchi mumsika wa paboma, kapena chithunzi cha njinga yamoto choikidwa pagulu la WhatsApp ndi mtengo wake. Nthawi zambiri kumeneko n'kutsatsa. Wogula ndiye amapereka ofa akanena kuti "ndikufuna, nazi ndalama", ndipo wogulitsa ali ndi ufulu wokana.

Chachiwiri, onani ngati yankho linali kuvomeradi

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzipweteka, chifukwa tinazolowera kunenerera. Kuvomera kuyenera kufanana ndendende ndi ofa. Wa ku Makanjira akanayankha kuti "ndipereka K3,700,000", sakanakhala kuti wavomera. Akanakhala kuti wakana ofa yoyamba n'kupereka yake. Ndipo ofa yoyambayo imafera pomwepo. Pa mlandu wa Hyde v Wrench wa 1840, munthu anauzidwa kuti munda ukugulitsidwa pa mapaundi 1,000, iye n'kunena 950. Atakanidwa anabwerera kuti chabwino, apereka 1,000 yomwe ija. Khoti linati mochedwa, ofa ya 1,000 anaipha yekha ndi kunenerera kwake.

Kufunsa chabe sikupha ofa. Pali kusiyana pakati pa "ndipereka theka lero, theka mwezi wamawa" ndi "kodi mungalole kuti ndipereke kawiri?" Mawu oyambawo akusintha mgwirizano, achiwiriwo akungofufuza. Ngati mukufuna kuyesa mtengo koma simukufuna kutaya mwayi, lembani ngati funso, ndipo onjezani kuti simukukana ofa imene mwapatsidwa.

Kukhala chete nakonso si kuvomera. Wogulitsa sangalembe kuti "ndikapanda kumva kanthu pofika Lachisanu ndiye kuti mwagula." Mlandu wa Felthouse v Bindley wa 1862, wokhudza hatchi, unakana zoterozo.

Chachitatu, pezani nthawi yeniyeni imene kuvomera kunagwira ntchito

Lamulo lalikulu ndi lakuti kuvomera kumagwira ntchito kukafika kwa wopereka ofa. Ngati muli tsidya lino la Shire, mnzanu ali tsidya la ku Malindi, inu n'kufuula kuti "ndavomera" nthawi imene boti la injini likudutsa, mnzanuyo osamva, mgwirizano palibe mpaka mutabwereza iye n'kumva. Foni ikaduka pakati pa mawu anu, imbaninso.

Kalata ya papositi ndiyo inapatulidwa pa lamulo limeneli. Kuvomera kotumizidwa papositi kumagwira ntchito nthawi imene kalata yaponyedwa, osati nthawi imene yafika. Zinayambira pa mlandu wa Adams v Lindsell wa 1818. Ogulitsa ubweya wa nkhosa analemba ofa pa 2 Sepitembala 1817 koma analakwitsa adiresi, ndiye kalata inafika pa 5. Ogula anaponya yankho lovomera usiku womwewo. Ogulitsa, poona kuti yankho silikubwera, anagulitsa ubweya kwa wina pa 8, ndipo yankho linafika pa 9. Khoti linati mgwirizano unali utatheka kale pa 5. Mu 1879, pa mlandu wa Household Fire Insurance v Grant, anapitirira apo: kalata yovomera inasoweratu, sinafike n'komwe, koma mgwirizano unaima.

Zimaoneka ngati nkhanza kwa wogulitsa, koma taganizani. Kalata ikakhala m'njira, mmodzi mwa awiriwo ayenera kusenza vuto la kusadziwa. Lamulo linasankha wopereka ofa chifukwa iye ndiye anayambitsa nkhani, ndipo anali ndi mphamvu yonena mmene akufuna kuyankhidwira. Wovomera akaponya kalata wachita zonse zimene akanatha, ndipo amayamba kukana mwayi wina podalira kuti malonda atheka.

Ndiye pa nkhani ya bwato lija, tsiku lofunika ndi pa 10 Malichi, osati pa 14.

Chachinayi, onani ngati ofa inali idakali moyo pa tsiku limenelo

Mwini bwato anali ndi ufulu wobweza ofa yake, ngakhale analemba kuti adikira mpaka pa 20. Lonjezo lodikira silimanga munthu ngati mnzake sanalipire kanthu kuti adikiridwe. Wa ku Makanjira akanapereka ndalama ina, ngakhale yochepa, yoti bwato limusungikire mpaka pa 20, pamenepo mwini wake akanamangidwa.

Koma kubweza ofa sikutsata lamulo la positi. Kumagwira ntchito pokhapokha uthenga ukafika kwa mnzako. Zimenezi zinamveka bwino pa mlandu wa Byrne v Van Tienhoven wa 1880, pamene kalata yobweza ofa inaponyedwa ku Cardiff pa 8 Okutobala, anthu a ku New York n'kuvomera pa 11, kalata yobwezayo n'kufika pa 20. Mgwirizano unaima. Kwa msodzi wathu n'chimodzimodzi: kalata yake ya pa 9 inayamba kugwira ntchito pa 13, mgwirizano utatheka kale masiku atatu apitawo. Pogulitsa bwato pa 11 anaphwanya mgwirizano. Kawirikawiri chipepeso chake chimawerengedwa poona kusiyana kwa mtengo umene anagwirizana ndi mtengo wa bwato ngati lomwelo pamsika. Ngati ndi K4,600,000, ndiye kuti K600,000 imene ankaona ngati phindu ipita kwa mnzake uja.

Chimandikhudza n'chakuti akanangoimba foni pa 9 nkhani yonse sikanakhalapo. Ngakhale wa ku Makanjira akanamva kwa munthu wodalirika, kalata asanaponye, kuti bwato lagulitsidwa kale, sakanathanso kuvomera.

Chachisanu, onani ngati lamulo la positi likukhudzadi nkhani yanu

Lamuloli lili ndi malire.

Positi ndi positi. Kalata yopatsira kondakitala wa minibasi ya ku Monkey Bay, wakabaza, kapena mlamu amene akupita komweko, siinaponyedwe. Munthu ameneyo ndi mthenga wanu, ndipo kuvomera kwanu kudzagwira ntchito kalata ikadzafika m'manja mwa mwini wake. Ikaiwalika m'galimoto, vuto ndi lanu. Wa ku Makanjira akanatuma munthu pa 10, munthuyo n'kukafika pa 14, kalata yobweza ofa ya pa 13 ikanapambana ndipo iye sakanakhala ndi mlandu wodandaula.

Kugwiritsa ntchito positi kuyeneranso kukhala kwanzeru pa nkhaniyo. Ofa ikabwera pakalata, kuyankha pakalata n'koyenera. Koma munthu akakuimbirani foni m'mamawa kuti ali ndi chambo chachiwisi padoko, simungaponye kalata n'kumati mwagula. Ofa yotero imatha yokha pakangodutsa nthawi yoyenera, ndipo pa nsomba yaiwisi nthawiyo ndi maola ochepa. Ndipo mukalakwitsa adiresi nokha kapena kuiwala sitampa, musayembekeze kuti lamulo likutetezani.

Malire aakulu kwambiri ndi mawu a ofa yeniyeniyo. Wopereka ofa akhoza kulichotseratu lamuloli. Pa mlandu wa Holwell Securities v Hughes, ofa yogulitsa nyumba inkafuna kuti mwini wake adziwitsidwe molemba pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Kalata inaponyedwa nthawi ilipo koma inasowa, ndipo khoti linati mgwirizano palibe, chifukwa munthu amene sanalandire kanthu sanadziwitsidwe.

Nanga foni ndi WhatsApp? Mlandu wa Entores wa 1955, wokhudza makina a teleksi otumizira mauthenga olembedwa pa waya, unati njira zofika nthawi yomweyo zimatsata lamulo lalikulu lija: uthenga ufike. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 lovomereza mauthenga a pamakina, choncho musaganize kuti mgwirizano wa pafoni ndi masewera. Koma musautenge ngati kalata yoponyedwa. Kachizindikiro kamodzi pa WhatsApp kamatanthauza kuti uthenga wachoka kwa inu, tiwiri ndiye kuti wafika pafoni ya mnzanu. Kumene netiweki imavuta, uthenga utha kugona m'njira usiku wonse, ndipo mnzanu akakuimbirani m'mawa kubweza ofa usanafike, mudzavutika kutsimikiza kuti munali mutagula.

Zoyenera kulemba ndi kusunga

Ngati ndinu wogulitsa, onjezani chiganizo chimodzi mu ofa yanu: "Malonda atheka pokhapokha yankho lanu lolembedwa litafika m'manja mwanga pasanafike pa 20 Malichi." Mukasintha maganizo, imbani foni nthawi yomweyo, kenako tumizani uthenga wolembedwa wotsimikiza zimene mwanena, ndipo musagulitse kwa wina musanafunse ngati woyamba uja waponya kale yankho.

Ngati ndinu wogula, tsatani njira yoyankhira imene mwauzidwa, bwerezani mtengo ndi katundu monga zalembedwera mu ofa osawonjeza kanthu, ndipo jambulani kalata yanu musanamate envulopu. Itumizeni ya rejisitala n'kusunga lisiti, chifukwa chidindo cha tsiku chimene chili palisitipo ndicho chidzakulankhulireni kukhoti. Mukatuluka mu positi ofesi, muimbireni mnzanuyo kuti mwaponya. Ngati nkhani ndi ya malo kapena nyumba, pali malamulo ena owonjezera a zolembalemba ndi zilolezo, ndiye kaonaneni ndi loya musanapereke ndalama.