Momwe mungathetsere kuphethira ndi mizere pa kanema wojambulidwa pansi pa mababu a LED

Mwezi watha ndinajambula phwando la ukwati mu holo ina pa boma la Kasungu, ndipo nditafika kunyumba n'kutsegula kanemayo pa laputopu, ndinapeza mizere yakuda ikuyenda pang'onopang'ono pa diresi loyera la mkwatibwi, pomwe khoma la kumbuyo linali kuphethira. M'holomo maso anga sanaone vuto lililonse. Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinasiya foni kuti idzisankhire yokha liwiro la shata, kutanthauza nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa pa chithunzi chilichonse, ndipo zimene ndalemba pano ndi njira yopewera vutoli komanso yopulumutsira kanema amene wawonongeka kale.

Gwero la vutoli lili m'magetsi enieniwo. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti mphamvu yake imapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, ndipo babu ya LED yotchipa, imene ilibe zipangizo zokwanira zosalaza mphamvuyo, imawala ndi kuzilala ka 100 pa sekondi iliyonse. Diso la munthu silingatsatire liwiro limenelo, koma kamera imalitola. Makamera a m'mafoni ndi makamera ambiri a masiku ano sajambula chithunzi chonse nthawi imodzi, koma amawerenga mzere ndi mzere kuchokera mbali imodzi kufika mbali ina, kotero kuti mizere ina imawerengedwa babu ikuwala kwambiri pomwe ina imawerengedwa itazilala. Mikwingwirima mumaiona ija imachokera pamenepo.

Choyamba, musanayambe kujambula, lozetsani kamera pa khoma loyera kapena pa nsalu ya tebulo, mujambule masekondi khumi, kenako muonere kanemayo mwachidwi. Mayeso amenewa muwachite magetsi onse a m'holo atayatsidwa, monga mmene zidzakhalire pa mwambowo, osati masana pomwe kuwala kwa dzuwa kolowera pa mawindo kumabisa vutolo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, chotsani kamera pa `Auto` ndipo muike shata pa 1/50 kapena 1/100. Shata ikatseguka kwa 1/100 ya sekondi, mzere uliwonse wa chithunzi umalandira kuwala ndi kuzilala kumodzi kwathunthu. Ikatseguka kwa 1/50, umalandira kuwiri. Mwanjira imeneyi mizere yonse imalandira kuwala kofanana, ndipo mikwingwirima imatha. Pa 1/60 kapena 1/120, mzere wina umapeza gawo lalikulu la kuwala, wina laling'ono. Pa mafoni ambiri a Android mumapeza zimenezi mu `Pro Video`, ndipo pamene pali `Anti-banding` kapena `Anti-flicker` musankhe `50Hz`. Ngati chithunzi chawala mopitirira pa 1/50, tsitsani ISO, nambala imene ikakwera chithunzi chimawala kwambiri, kapena chepetsani kabowo ka lenzi, koma shata musaikhudze.

Kenako sinthani chiwerengero cha zithunzi pa sekondi kuti chikhale 25 fps kapena 50 fps. Mafoni ambiri amabwera ali pa 30 fps, chiwerengero chimene chinachokera ku mayiko a magetsi a 60 Hz monga America. Pa iPhone, pitani ku `Settings > Camera > Record Video` ndi kuyatsa `Show PAL Formats` kuti 25 fps ioneke. Komabe dziwani kuti 25 fps payokha si mankhwala: shata ikakhala yothamanga, mizere imangoima malo amodzi m'malo moyenda, ndipo mizere yoima ndi yovuta kwambiri kuichotsa pambuyo pake.

Pali nthawi zina pomwe 1/50 sithandiza. Magetsi akazima n'kuyatsa jenereta yaing'ono, liwiro lake limakwera ndi kutsika malinga ndi katundu amene yasenza, choncho muyenera kubwereza mayeso a pa khoma aja. Mababu amitundumitundu a pa nsanja, ndi ena amene amachepetsedwa kuwala ndi kabatani, amazima ndi kuyaka mwa liwiro lawolawo losagwirizana ndi magetsi a m'khoma. Pamenepa pemphani woyendetsa magetsi kuti akweze kuwala mpaka pamapeto, popeza mababu otere amaphethira kwambiri akachepetsedwa, ndipo yesani shata yochedwerapo. Makamera ena amalola kusintha shata pang'onopang'ono mpaka mizere itazimiririka: Panasonic imatcha zimenezi `Synchro Scan`, Canon `Clear Scan`, pomwe Sony imati `Variable Shutter`.

Pojambula sikirini ya laputopu, ya kompyuta kapena chithunzi cha pulojekita, lamulo ndi lomwelo koma nambala imasintha, chifukwa masikirini ambiri amatsitsimula chithunzi ka 60 pa sekondi. Yambani ndi 1/60 pa 30 fps, ndipo mukweze kuwala kwa sikiriniyo. Ngati m'chipindamo mulinso mababu a LED, shata imodzi singakondweretse zonse ziwiri, kotero ndi bwino kuzimitsa mababuwo kapena kutsegula makatani.

Tsopano tibwerere ku kanema wa ukwati uja, amene anajambulidwa kale pa 30 fps pansi pa mababu ophethira ka 100. Zithunzi zitatu zotsatizana zimatenga gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndipo pa nthawi imeneyo babu imakhala itaphethira ka 10 ndendende. Izi zikutanthauza kuti mizere imabwerera pamalo pake pakadutsa zithunzi zitatu zilizonse, ndipo mukaphatikiza zithunzi zitatuzo, kuwala kwa china kumadzaza mdima wa chinzake. Ndinatsimikiza zimenezi poyendetsa kanemayo chithunzi chimodzichimodzi: chachinayi chinali ndi mizere pamalo omwewo ngati choyamba. Kenako ndinagwiritsa ntchito FFmpeg, pulogalamu yaulere, polemba lamulo ili:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf "tmix=frames=3" -c:v libx264 -crf 18 -c:a copy ukwati_wokonza.mp4
```

Amene amadula kanema mu Premiere Pro kapena DaVinci Resolve angachite zomwezo pamanja. Ikani kanema yemweyo katatu, wina pamwamba pa mnzake, musunthe wachiwiri ndi chithunzi chimodzi ndi kumuika `Opacity` ya 50, ndipo wachitatu mumusunthe ndi zithunzi ziwiri pa `Opacity` ya 33. Ambiri amalekera pa makanema awiri, koma pa 30 fps njira imeneyo imangochepetsa kuphethirako ndi theka. DaVinci Resolve ilinso ndi chida chotchedwa `Deflicker`, koma chimapezeka mu Studio yolipira yokha.

Njira yophatikiza zithunziyi ili ndi mtengo wake, ndipo ndikufuna muudziwe musanalonjeze kanthu kwa eni ukwati. Pamene ankhoswe ankayankhula ataima phee, mizere inatheratu ndipo nkhope zawo zinaoneka bwino. Koma pa perekaniperekani, pomwe anthu ankavina akuponya ndalama m'mwamba, dzanja lililonse linaoneka ngati lili ndi mithunzi iwiri yotsatira m'mbuyo. Choncho ndinadula kanemayo m'zigawo, ndinakonza zoyankhula ndi kudula keke, ndipo zigawo zovina ndinazisiya ndi mizere yake, chifukwa anthu akamayendayenda diso la woonera silikhala pa khoma. Pa ukwati wotsatira, ku Mchinji, ndinafika kutatsala ola limodzi, ndinapempha woyang'anira holo kuti ayatse mababu onse, ndipo ndinatseka shata pa 1/50 alendo asanalowe.