Momwe mungayezere ngati mfundo ya mabawuti ipirira katundu

Amisiri ambiri muno mu Chipata akalumikiza mapuleti awiri posanjikiza amangoyang'ana kunenepa kwa bawuti. Koma mfundo yotere imagonja m'njira 3: bawuti kudulidwa, bowo kutanuka, kapena puleti kung'ambika.

Titenge mapuleti a chitsulo cha S275, mulifupi 80 mm, kuchindikala 8 mm, pa denga la shedi ya fodya. Mabawuti ndi awiri a M16 otsogozana, mabowo ndi a 18 mm, ndipo mphamvu yokoka ndi 90 kN, pafupifupi matani 9. Bawuti iliyonse isenza 45 kN. Masamu onsewa ndi a EN 1993-1-8 ndi EN 1993-1-1, malamulo a ku Ulaya a kamangidwe ka zitsulo.

Yambani ndi bawuti, ndipo apa musathamange. Mapuleti awiri okha amadula bawuti pamalo amodzi, ndipo kawirikawiri pamalopo pamagwa mazinga. Choncho werengerani 157 mm², osati 201 mm² ya thunthu losalala. Bawuti ya giredi 8.8, yomwe mphamvu yake ndi 800 N/mm², imatipatsa:

```
0.6 × 800 × 157 / 1.25 = 60.3 kN
```

Yaposa 45, ili bwino. Tsono vuto lili pa mutu wa bawuti. Pa ntchito ina wogulitsa anatitumizira thumba losakaniza, ena olembedwa 8.8, ena 4.6, ena opanda chizindikiro n'komwe, onse owala chimodzimodzi. Ikani 400 ya giredi 4.6 m'malo mwa 800 muone: mupeza 30.1 kN yokha, kutanthauza kuti awiri pamodzi apirira 60 pomwe katundu ndi 90. Tinachita kumasula mfundo zonse. Werengani mutu wa bawuti iliyonse musanalipire, ndipo yopanda nambala isiyeni ngakhale akutsitsireni makwacha angati. Ena amati poti yalimba ndi sipanala ndiye kuti ndi yabwino, koma dzanja silidziwa giredi.

Kenako onani ngati bawuti siphwanya m'mphepete mwa bowo. Kuchokera pakati pa bowo kufika kumapeto kwa puleti tasiya 40 mm, m'mbali 40 mm, pakati pa mabawuti 60 mm. Gawani 40 ndi 54, yomwe ndi bowo katatu, mupeza 0.74, ndipo 430 N/mm² ndi mphamvu yomwe chitsulo cha S275 chimadukira.

```
2.5 × 0.74 × 430 × 16 × 8 / 1.25 = 81 kN
```

Yadutsanso. Mukaumira chitsulo n'kusendeza bowo kumapeto, nambalayi imatsika msanga. Bowo libooledwe ndi dirilo; loboola ndi moto wa lodi limakula mosadziwika ndipo masamu onsewa amasanduka bodza.

Kung'ambika n'kosavuta. Chotsani bowo pa mulifupi, 62 mm kuchulukitsa ndi 8 ndi 496 mm².

```
0.9 × 496 × 430 / 1.25 = 154 kN
```

Puleti yathunthu, 640 mm² kuchulukitsa ndi 275, imapereka 176 kN. Chofooka pa zonsezi ndi mabawuti, 120 kN pa awiri, ndiye katundu akadzakwera muyambe kuwonjezera iwo. Kuchindikala kwa puleti yezani nokha, chifukwa ina yotchedwa 8 mm imafika yoperewera.