Phunziro lachitsanzo pamaso pa aphunzitsi anzanu

Funso: "Andisankha kuti ndiphunzitse phunziro lachitsanzo la Masamu a Sitandade 4 pa msonkhano wa aphunzitsi kuzoni yathu. Ndikonzekere bwanji, nanga oonerera aziyang'ana chiyani?"

Yambani ndi kusankha luso limodzi lokha, tinene kuchotsera kobwereka monga 52 − 27. Funsani alangizi a zoni ngati kubwere ana enieni, chifukwa aphunzitsi akamayerekezera kukhala ana amayankha molondola msanga, ndiye zovuta za m'kalasi zimabisika.

Kenaka mangani timitengo khumikhumi ndi mphira, mitolo yokwanira gulu lililonse, ndipo yeserani phunzirolo m'kalasi mwanu mukuyang'ana wotchi. Nthawi imathera pogawa zipangizo, choncho ikiranitu mitolo pamalo a magulu.

Phunziro lisanayambe, patsani oonerera pepala la mafunso ochepa, ndipo aliyense atsatire gulu limodzi. Alembe zimene waona ndi kumva, osati "waphunzitsa bwino." Chachikulu chili apa: mwana akafika pa 2 kuchotsa 7, akuchita chiyani? Amene wamva amamasula mtolo umodzi, n'kukhala ndi 12, n'kupeza 25. Amene sanamve amatembenuza, 7 kuchotsa 2, n'kulemba 35. Yankho la 35 likaoneka, woonerera alembe zimene inu mwachita: mwangopereka yankho lolondola, kapena mwamubwezera mwanayo ku timitengo?

Wina awerenge kuti mwafunsa anyamata kangati ndi atsikana kangati, komanso ngati akumbuyo mwawafikira. Auzeni oonerera kuti asanong'oneze ana mayankho, poti aphunzitsife sitichedwa kutero.

Pokambirana, lankhulani inu poyamba, kenaka iwo awerenge zimene alemba.