Kutseka ngongole msanga kapena kugula masheya ku banki mkhonde: werengerani chonchi

Tiyerekeze kuti mwagwirako 60,000 imene simumayiyembekezera, kwinaku muli ndi kangongole kamene katsala miyezi itatu, kwinakunso anzanu a ku banki mkhonde akungoti bwera nazo kuno uzaone pogawana. Ambiri amangofanizira maperesenti, kuti ngongole yanga ndi ya 5 peresenti pamwezi pomwe ku gulu timakongozana pa 10 kapena 20, basi ndiye ku gulu. Masamu amenewo ngolakwika, ndipo ine ndinapsa nawo kamodzi. Tengani pepala ndi cholembera tiwerengere limodzi.

Poyamba pitani kwa amene anakukongozani mukafunse funso limodzi lokha: ndikafuna kutseka lero lomwe, ndipereke zingati? Musafunse kuti balansi yanga ndi zingati ayi, chifukwa akuuzani zonse zotsala pamodzi ndi intelesiti ya miyezi imene sinafike. Funsani ya kutsekera lero, ndipo akulembereni papepala.

Chifukwa chake nchakuti intelesiti amawerengera mitundu iwiri. Tinene kuti munatenga 120,000 ya miyezi 6 pa 5 peresenti pamwezi. Pali ya fulati, imene mwezi uliwonse amawerengera pa 120,000 yonse ija ngakhale mwabwezako kale, ndiye ndi 6,000 mwezi ndi mwezi, kuphatikiza 20,000 ya mutu wa ngongole mumapereka 26,000. Ina amawerengera pa zotsala zokha, imanka nitsika. Mungazidziwe poona pepala la kabwezedwe lija: ngati intelesiti ili chimodzimodzi mzere uliwonse, imeneyo ndi fulati.

Ndiye mwabweza miyezi itatu, mutu watsala 60,000. Pa fulati intelesiti yotsala ndi 18,000. Pa ya zotsala ndi 3,000, kenako 2,000, kenako 1,000, yonse 6,000 basi. Yankho la obwereketsa likhala limodzi mwa awa: perekani 60,000 tithane, kapena perekani 60,000 ndi kapenati kotsekera msanga, kapena ayi bwana intelesiti tinagwirizana kale, ndi 78,000 yonse. Lembani ndalama imene mukupulumutsa mukachotsa penati. Akakupatsani yankho lachitatuli mukupulumutsa ziro, ndipo palibe chothamangira kukapereka msanga ndalama imene sikuchepa, pitirizani kubweza mwezi ndi mwezi, 60,000 yo ikagwire ntchito kwina.

Chachiwiri, pitani kwa mlembi wa gulu mukafunse kuti ulendo watha sheya imodzi inabwera zingati pogawana. Apa mpamene anthu amasokonezeka. 10 kapena 20 peresenti ija ndi imene amalipira wokongola, sikuti sheya yanu imabereka choncho mwezi uliwonse. Ndalama zina zimangogona m'bokosi popanda wozitenga, ena amachedwa kubweza, wina amathawa nazo, ndiye tsiku logawana amaphatikiza zonse zimene zilipo (kupatula thumba la zangozi) nkugawa ndi chiwerengero cha masheya onse. Zimene zatuluka pamenepo ndiye mtengo wa sheya. Tinene kuti sheya ndi 2,000 ndipo ulendo watha inabwera 2,500. 60,000 yanu ndi masheya 30, phindu 500 pa iliyonse, zonse 15,000, ndipo imeneyi si lonjezo, chaka chino ikhoza kukwera kapena kutsika. Komanso ngati gulu lanu limakakamiza aliyense kukongola kuti ndalama zisagone, dziwani kuti gawo lina la phindulo ndi intelesiti yotuluka m'thumba mwanu momwe, ichotseni.

Mufunsenso zinthu ziwiri pomwepo. Malire a masheya ndi angati pa msonkhano umodzi? Magulu ambiri otsatira ndondomeko imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991 amalola sheya imodzi mpaka zisanu, ndiye ngati mumakumana sabata iliyonse 10,000 ndiye pothera, 60,000 ija ilowa masabata 6, ndipo masabata onsewo ikhala ili m'nyumba, inu mukudziwa mmene ndalama ya m'nyumba imathera. Ngati mumagula kale masheya asanu sabata iliyonse ndiye kuti malo mulibe nkomwe. China, atseka liti kugula masheya? Ulendo umodzi umatenga miyezi 9 mpaka 12, ndipo chakumapeto magulu amasiya kukongoza nkuyamba kutolera.

Tsopano chachitatu, chimene ambiri amachiiwala. Mukatseka ngongole lero, 26,000 imene mumapereka mwezi uliwonse ija ikutsalirani m'manja kwa miyezi itatu, yonse 78,000. Imeneyo ikhoza kupita ku gulu komweko. Ndipo pogawana sayang'ana kuti sheya munagula mwezi woyamba kapena wachisanu, amangowerenga zidindo za m'kabuku kanu, sheya ndi sheya basi.

Ndiye onani. Njira yoyamba: 60,000 ku gulu, ngongole mukubwezabe 78,000 kuchokera pa zimene mumapeza, pogawana mulandira 30 kuchulukitsa 2,500, ndiye 75,000. Njira yachiwiri: 60,000 mwatsekera ngongole, 78,000 ija mwagula masheya 39, pogawana mulandira 97,500. Ndalama zotuluka m'thumba nzofanana ndendende koma kusiyana kwake 22,500. Ngakhale ngongoleyo itakhala ya intelesiti ya pa zotsala, mumayenera kupereka 23,000, 22,000 ndi 21,000, zonse 66,000, amenewo ndi masheya 33, pogawana 82,500, mwapambanabe ndi 7,500.

Koma zimenezi zimagwira pokhapokha ngati 26,000 yo ikupitadi ku gulu. Ine ulendo wanga ndinatseka bwinobwino, mwezi woyamba ndinati ndipumeko kaye, wachiwiri kunabwera zina, pofika wachitatu sindinagule ngakhale sheya imodzi yoonjezera. Ngati mumadzidziwa kuti ndinu otero, uzani msungichuma pamaso pa gulu kuti kuyambira sabata ino ndizigula masheya akutiakuti, manyazi amathandiza.

Pamene gulu limapambana mpamene kugawana kwayandikira. Tinene kwatsala masabata 6 kapena 7 kuti atseke kugula masheya. Apo ndalama zotsalira mwezi ndi mwezi zija sizipeza mpata wolowa zonse, ndiye fanizirani mwachindunji: 15,000 ya ku gulu ikuposa 6,000 ya ngongole ya pa zotsala, koma ikuchepera 18,000 ya fulati ngati akukhululukirani yonse. Kungoti musanathamangire, funsani kuti ngongole zimene zili kunja nzingati ndipo akuchedwa kubweza ndi angati. Mukaona mlembi akuzemba kuwerenga mabuku pagulu, kapena makiyi onse atatu a bokosi akusunga munthu mmodzi, 2,500 ija musayiwerengere.

Chomaliza musanatulutse ndalama, kumbukirani kuti njira zonse ziwirizi ndalama imatsekeka. Yotsekera ngongole sibwerera, ya masheya mudikira kugawana, mukaifuna pakati mukongola ndalama yanu yomwe ndi intelesiti, ndipo nthawi zambiri osapitirira katatu ka masheya anu. Ngati 60,000 imeneyi ndiyo yokhayo muli nayo, kapena ndi mpamba wa geni imene imakubwezerani ngongoleyo, funsani ngati amalola kubweza gawo, monga 40,000, ndipo akuuzeni ngati intelesiti itsike nayo.

Mukasankha kutseka, musachoke ndi lisiti yokha. Akupatseni kalata kapena adinde kuti ngongole yatha, mutenge chikole chanu ngati munapereka, ndi ndalama imene ena amakusungitsani potenga ngongole ija muifunse tsiku lomwelo. Ngati amadula kumalipiro kapena ku akaunti, onaninso kumapeto kwa mwezi, chifukwa zimachitika kuti amadulabe 26,000 ngongole itatha kale, ndipo popanda kalata ija kuibweza kwake mumayenda maulendo angapo.