Mmene mungaphunzitsire Spotify kukupezerani oimba atsopano

Spotify imasankha nyimbo poyang'ana zimene mumacita pa akaunti yanu: nyimbo imene mwamvetsera mpaka kumapeto, imene mwaibwereza, imene mwaisunga, ndi imene mwailumpha itangoyamba. Ikatero imafunafuna anthu ena amene amamvetsera zofanana ndi zanu. Ngati anthuwo amakonda woimba wina amene inu simunamumvepo, nyimbo yake imatha kulowa mu Discover Weekly, mndandanda wa nyimbo 30 umene umasintha Lolemba lililonse.

Vuto ndi lakuti makinawa sadziwa amene wagwira foni. Tinene kuti mumagwira nchito mu saluni ku Yeoville, dera la mu Johannesburg, ndipo foni yanu ndiyo imaliza amapiano tsiku lonse kuti makasitomala asangalale. Kalindula, nyimbo za ku Zambia, mumamvetsera usiku cabe, kwa mphindi zocepa. Kwa Spotify, ndinu munthu wa amapiano basi, ndipo Lolemba likafika mudzapeza zomwezo zokhazokha. Kukhala ku Johannesburg kumaonjezeranso, cifukwa zina zimene zimaoneka patsamba loyamba zimatsatira zimene zachuka m'dziko limene muli.

Yambani ndi kucotsa zosokonezazo. Tsegulani mndandanda wa kusaluni uja, dinani timadontho titatu, musankhe Exclude from your taste profile. Nyimbozo zidzalirabe monga kale, koma mphamvu yake pa zimene mumasankhiridwa idzacepa. Mukamabwereka mwana kapena mnzanu foni, yatsani Private session mu Settings. Imeneyi imazima yokha pakapita nthawi, conco muziyang'ana musanapereke foni.

Tsopano ipatseni poyambira. Sakani woimba mmodzi wa ku Zambia amene mumamukonda, makamaka amene sanachuke kwambiri. Mukayambira pa wochuka, mudzangobweretseredwa ochuka anzake amene mumawadziwa kale. Patsamba lake, tsikani mpaka pa Fans also like, mutsegule oimba awiri kapena atatu acilendo. Amene wakusangalatsani, dinani Follow, kuti nyimbo zake zatsopano zizibwera mu Release Radar Lacisanu. Nyimbo yabwino isungeni ndi cizindikiro ca +, ndipo muiikenso mu mndandanda wanuwanu, cifukwa kusunga kumaonetsa cidwi kuposa kungomvetsera kamodzi.

Samalani ndi cala cothamanga. Nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikalira masekondi 30 kapena kuposa. Ambiri amalumpha nyimbo yacilendo isanafike n'komwe pamenepo, kenako n'kumadandaula kuti akungopatsidwa zakale. Ilekeni ifike pa kolasi musanaiweruze. Woimba amene simumufuna n'komwe, sankhani Don't play this artist patsamba lake.

Kusintha sikuoneka tsiku lomwelo. Dikirani Lolemba, muwerenge maina amene simuwadziwa pa nyimbo 30 zija. Ngati pakapita milungu ingapo amapiano akadali ambiri, onani ngati akaunti yanu sikulirabe pa foni ya munthu wina. Ngati ndi conco, lowani patsamba la akaunti pa intaneti, dinani Sign out everywhere, kenako musinthe mawu acinsinsi.