Mmene ndinafupikitsira khadi la sikelo potumiza mayi kuchipatala chachikulu

Vuto linali lakuti tikatumiza mayi woyembekezera, anzathu kwinako amayamba kuvundukula masamba a khadi la sikelo kufuna bipi uku mayi akudikira, nthawi nkumatha. Ndinayesa fotokope ya khadi lonse, sizinathandize, zolemba zina sizimaoneka nkomwe.

Pano ndimalemba tsamba limodzi basi. Pamwamba chifukwa chotumizira m'chiganizo chimodzi, kenako zaka zake, mimba yachingati, masabata a mimba ndi mmene anaberekera kale, makamaka ngati anapangidwapo opareshoni kapena anatayapo magazi ambiri.

Chomwe chinasintha zinthu nkusiya kulemba bipi ya lero yokha. Ndimaindandalika yonse ndi madeti ake. Mayi wina anali 110/70 pa masabata 20, 130/85 pa 30, kufika 150/100 pa 34, mkodzo uli ndi pulotini 2+ mutunso ukumuwawa, ukaziona pamzere umodzi chonchi sufunsanso, bipi yadutsa 140/90 ndipo ikukwerabe, zizindikiro za pulikilampusiya zimenezo, matenda a kuthamanga kwa magazi pa nthawi ya mimba.

Pansi ndimaika mulingo wa magazi, zotsatira za HIV ndi chindoko, ndi mankhwala omwe ndapereka ndi ola lake. Chomwe sichinayezedwe ndimalemba kuti sichinayezedwe, osasiya mpata, winayo angaganize kuti zili bwino. Zimangofuna pepala, cholembera ndi mphindi khumi.