Kalata yopempha zida za kuwotcherera

Anzanga a m'makoleji a ntchito zamanja, musamakapemphe pakamwa makina owotcherera kapena galayinda kwa eni ake a malo owotcherera zitsulo. Ine anandibweza kawiri. Ulendo wachitatu ndinapita ndi kalata ya tsamba limodzi yosainidwa ndi aphunzitsi, ndipo bambowo anandilola tsiku lomwelo.

Chimene amaopa n'kuwaonongera zida, choncho kalata ichotse mantha amenewo. Musangoti "ndikupempha zida". Ine ndinalemba motere: "Bambo, ndikupanga mpando wachitsulo wa mayeso anga. Ndikupempha makina owotcherera ndi galayinda Loweruka kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko, mmisiri wanu akundiyang'anira. Ndibwera ndi zitsulo zanga, ndodo zowotcherera za 2.5 mm ndi madisiki awiri odulira, ndipo ndiwonjezera ndalama ya mayunitsi a magetsi."

Za ndodo ndi madisikizo musaiwale. Zimenezi zimatha msanga, ndiye mwini wake akaona kuti simudzamudyera zake, mtima umakhala pansi. Ndinasankha 2.5 mm chifukwa mapaipi a mpando ndi opyapyala, ndodo yaikulu imafuna moto wambiri n'kuwaboola. Bambowo atawerenga pamenepo anagwedeza mutu, anaona kuti ntchitoyo ndikuidziwako.

Tchulaninso kuti muli ndi chigoba choteteza maso, magolovesi achikopa ndi nsapato zotseka, komanso kuti mukathyola kanthu mudzalipira. Kalatayo kaperekeni nokha, masiku angapo tsikulo lisanafike.